Momwe mungalembere kalata kwa aphunzitsi mwana akadwala mphere

Musanagwire cholembera, yambani mwapita ndi mwanayo kuchipatala, chifukwa mphere, chipere ndi zilonda zina za pakhungu zili ndi mankhwala osiyana, ndipo tsiku lobwerera kusukulu limadalira chimene achipatala apeza. Mphere imayamba ndi tizilombo tating'ono kwambiri timene timaboola khungu n'kuikiramo mazira, makamaka pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno, ndipo kuyabwa kwake kumakula usiku.

Mukabwerako, werengani tsiku lobwerera kuyambira pamene mwamupaka mankhwala koyamba. Mankhwala a pemethirini amapakidwa kuyambira m'khosi mpaka kumapazi n'kukhala pathupi maola 8 mpaka 14, ndipo kawirikawiri mwana amaloledwa kubwerera m'kalasi pakatha maola 24. Mukamupaka Lolemba usiku n'kumusambitsa Lachiwiri m'mawa, maolawo amakwana Lachiwiri usiku, choncho tsiku loti mulembe m'kalata ndi Lachitatu. Ngati achipatala atchula tsiku lina, tsatirani limenelo.

Chimene makolo ambiri amaiwala kulemba ndi nkhani ya kuyabwa. Khungu limatha kuyabwabe milungu iwiri kapena inayi tizilombo titafa kale, ndipo mphunzitsi amene sanauzidwe zimenezi akaona mwana akudzikanda m'kalasi, sangalakwe kumubweza kunyumba. Tchulaninso anzake amene amakhala naye pafupi, popeza munthu amene watenga mphere koyamba amatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi asanayambe kumva kuyabwa.

Kalatayo ikhale yaifupi, yokhala ndi deti pamwamba, motere:

"Aphunzitsi, ndikukudziwitsani kuti mwana wanga sanabwere kusukulu Lolemba ndi lero Lachiwiri chifukwa achipatala amupeza ndi mphere, matenda amene amapatsirana pokhudzana khungu kwa nthawi yaitali kapena pobwerekana zovala ndi zofunda. Tinamupaka mankhwala dzulo usiku pamodzi ndi tonse a m'nyumba, ndipo zovala ndi zofunda zake tazichapa ndi madzi otentha. Achipatala anena kuti angathe kubwerera mawa Lachitatu. Mwina mumuona akudzikandabe kwa milungu ingapo, koma zimenezi sizitanthauza kuti akupatsirabe anzake, ndipo tidzamupakanso Lolemba likudzali monga tinalangizidwira. Ndikupempha kuti muziyang'anako ana amene amakhala naye pa desiki imodzi, ndipo ngati mukufuna kudziwitsa makolo ena, chonde musatchule dzina lake. Mundiuzenso ntchito imene yamudutsa kuti ailembe kunyumba. Ndine mayi ake."

Sainani pansi pake n'kulembapo nambala yanu ya foni, ndipo kalatayo ifike kwa aphunzitsi mwanayo asanabwerere. Ngati malo amene wakandawo ayamba kutuluka mafinya, ndiye kuti m'zilondazo mwalowa tizilombo tina tofuna mankhwala akeake, ndipo muyenera kubwerera kuchipatala n'kulemba kalata ina yotchula tsiku latsopano.