Chithunzi cha nyumba ya lendi ku Tete: muzichiwerenga chidutswa chidutswa

Amene mwafika kumene ku Tete kuno mukusaka nyumba, zithunzi za zikalata zotsatsa nyumba zomwe azikutumizirani pa foni zimakhala zosakaniza, Chipwitikizi pamwamba, Chizungu pang'ono pakati, kenako mawu akwathu koma olembedwa mwa spelo ya kuno. Vuto lake munthu amagwira mawu awiri omwe akuwadziwa nkuganiza kuti wamva zonse, pomwe nkhani ya ndalama ndi tsiku ili mu gawo lomwe walumpha lija. Tiyeni titenge chitsanzo ichi, chonga zomwe amamata pa geti:

ARRENDA-SE dependência T1, Bairro Chingodzi, perto da paragem de chapa. Renda 4.500,00 MT/mês + 2 meses de caução. Credelec próprio, água não incluída. Visitas: segunda a quinta, 14h às 17h. No agents. Nhumba yabwino maningue.

Yambani ndi Chipwitikizicho chifukwa ndi chomwe chanyamula pangano. ARRENDA-SE ndiye kuti ikuchititsidwa lendi, ikanakhala yogulitsa akanalemba VENDE-SE. dependência ndi kanyumba kakuseri mu mpanda wa landilodi, kaja timati boyizikota, ndipo T1 akuwerenga chipinda chogona chimodzi basi, pabalaza sawerengera. Ndiye ngati muli ndi ana akuluakulu dziwirenitu.

Pa ndalama mpamene ndikufuna mudekhe. Kuno dontho limalekanitsa masauzande pomwe chizindikiro cha koma ndi cha masenti, mosemphana ndi kwathu. Ndiye 4.500,00 MT ndi metikashi 4,500 pa mwezi, osati 4 ndi hafu komanso osati 450,000. caução ndi dipoziti, ndiye tsiku lolowa konzani 4,500 ya mwezi woyamba kuphatikiza 9,000 ya miyezi iwiri ija, zonse 13,500. Koma mufunse bwinobwino ngati 9,000 imeneyo adzakubwezereni potuluka kapena ndi lendi yolipiriratu, eni nyumba ena amazisakaniza ziwirizi, ndipo yankholo alilembe pa pepala osangoti pakamwa. Credelec próprio ndiye kuti muli ndi mita yanuyanu ya magetsi ogula mayunitsi a EDM, kampani ya magetsi ya kuno, simukanganirana ndi aliyense. Kaliwu koti não musamakalumphe, ndi kokana, água não incluída ndiye kuti bilu ya madzi ndi yapadera.

Tsopano masiku, apa Amalawi ambiri timagwa ndithu. Munthu ukaphunzira kuti segunda ndi chachiwiri mutu umathamangira ku Lachiwiri, koma iwo amayamba kuwerenga Lamulungu, ndiye segunda-feira ndi Lolemba, terça ndi Lachiwiri, quarta Lachitatu, quinta Lachinayi, sexta ndiye Lachisanu. Njira yachidule, nambala yawo muchotsepo 1 mupeza tsiku lathu. Pa chithunzi chathuchi kukaona nyumba ndi Lolemba mpaka Lachinayi, 2 koloko mpaka 5 koloko masana, mukapita Lachisanu poganiza kuti quinta ndi chachisanu mwangotaya ndalama ya thiransipoti. Musasokonezenso quarta ndi quarto, lomalizali ndi chipinda.

Chizungucho sichivuta, No agents akungoti safuna madobadoba.

Mawu akwathu aja muziwawerenga mokweza, osangowayang'ana. Wolembayo anaphunzira kulemba mu Chipwitikizi ndiye pomwe ife timalemba ny iye amalemba nh, Nhumba ndi nyumba yomweyi, monganso Nhungue ndi Nyungwe, ndipo gw wathu amalemba gu, Ulongué ndi Ulongwe. Mukaona tch kapena tx tchulani ngati tch wathu, x ngati sh. Khutu likazindikira mawuwo asiyeni momwemo palibe chomasulira. Koma kumbukirani kuti mu tauni ya Tete chimalankhulidwa kwambiri ndi Chinyungwe, Chichewa chathuchi ndi cha ku Angonia uko, ziwirizi ndi pachibale koma si chimodzi, ndiye liwu likamveka lachilendo funsani mwana wa konkuno kusiyana nkulikakamiza kuti likhale lathu. Palinso mawu a mumsewu a ku Mozambiki omwe dikishonale ya ku Portugal ingakusocheretseni: chapa ndi minibasi osati lata, maningue ndi kwambiri. Awa mumasulire tanthauzo lomwe anthu amagwiritsa ntchito.

Mayina monga Chingodzi, Credelec, komanso M-Pesa ndi e-Mola zotumizira ndalama pa foni, musawatembenuze olo pang'ono, chifukwa ngati nyumbayo mukusakira m'bale wanu, iye akakwera chapa adzafunika kutchula dzina lomwelo kwa kondakita. Mukamamutumizira zomwe mwamasulira muphatikizepo chithunzi chenichenicho chosadula m'mbali, ndipo mumuuze kuti mzere wa yabwino maningue uja ndi mwini nyumba akudzitamira katundu wake, madzi ndi denga akaone yekha asanatumize dipoziti.