Momwe mungalembere uthenga wotsatsa nyumba kuti ofuna aupeze

Munthu wofuna nyumba ya lendi ku Lilongwe sawerenga uthenga uliwonse wa pagulu la Facebook kapena WhatsApp. Amapita pofufuzira n'kulemba mawu ochepa: dera, chiwerengero cha zipinda, mwinanso ndalama imene angakwanitse. Ngati mawu amenewo mulibe mu uthenga wanu, nyumba yanu saiona ngakhale ikhale yokongola chotani.

Yambani ndi dera, ndipo mulitchule monga amalitchulira anthu okwera minibasi. Kungolemba kuti Lilongwe n'kutaya nthawi. Ngakhale Area 49 pakokha sipakwanira, chifukwa wofuna ku Gulliver sakufuna ku Shire. Area 25 ili ndi A, B ndi C, Area 47 ili ndi masekita ake. Ku Blantyre n'chimodzimodzi: Machinjiri ndi yaikulu, nenani mbali yake. Mukatero onjezani malo amodzi odziwika, monga msika wa Nsungwi kapena siteji imene munthu angatsikire. Ndipo musanamize dera. Maejenti ena amalemba dzina la dera lapamwamba pomwe nyumba ili kutsidya kwa dambo, munthu amalipira ndalama yokaonera nyumba n'kubwerako atakwiya. Khalidwe limeneli ndi limene lachititsa kuti anthu azikayikira ngakhale eni nyumba oona mtima.

Chachiwiri ndi chinenero. Ambiri timayankhula Chichewa koma pofufuza timalemba Chingerezi, ena amasakaniza. Choncho mzere woyamba ukhale ndi zonse ziwiri, motere:

```
House to let / Nyumba ya lendi
Area 25B, 3 bedroom, self contained, K350,000
```

Mtengowo ndi chitsanzo chabe, koma wanu muulembe ndithu. Zoti "inbox for price" zimathamangitsa anthu amene ali ndi ndalama m'manja, chifukwa amaganiza kuti mtengo muupanga mukaona chithunzi chawo. Dera lilembeni modumpha mpata, Area 25, osati A25 kapena Area25, popeza ofufuza ambiri amalemba choncho.

Tsopano apa ndi pomwe panandivuta ine, ndipo ndikuona ambiri akugwera pomwepo. Nditafuna kutsatsa nyumba ya achemwali anga, ndinalipira mnyamata wina kuti andikonzere chithunzi chokongola chokhala ndi zonse: dera, zipinda, mtengo ndi nambala ya foni, zolembedwa pamwamba pa chithunzi cha nyumbayo. Ndinachitumiza m'magulu angapo popanda kulemba kanthu pansi pake. Tsiku loyamba anthu anachiona, kenako chinakwiririka ndi mauthenga ena, foni n'kukhala chete. Vuto lake n'lakuti pofufuzira pa WhatsApp pamafunafuna mawu otayipa, a mu uthenga kapena olembedwa pansi pa chithunzi. Mawu ojambulidwa m'kati mwa chithunzi sawaona. Munthu amene analemba dzina la dera lathu patapita sabata sanapeze kalikonse, chonsecho nyumba inali yopanda munthu. Palinso ena amene amatseka zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, ndiye iwo ankangoona chimbuuzi chopanda mawu n'kudutsa.

Njira yodziwira ngati mwagwa m'vuto limeneli ndi yosavuta. Mukatumiza, lowani pofufuzira pa gulu lomwelo, lembani dzina la dera lanu, kenako lembani "3 bedroom". Uthenga wanu ukapanda kutuluka, ulembeninso ndi mawu otayipa. Zithunzi zikhale za nyumba yokhayo, zojambula masana, ndipo ndalama ya wokonza chithunzi uja mugulire bandulo.

Pansi pa mizere yoyamba ija ya uthenga wanu yankhani mafunso amene aliyense amafunsa akangoimba foni. Kodi nyumba ili yokha mumpanda, kapena alandilodi amakhala pomwepo? Mita ya ESCOM ndi yakeyake kapena yogawana? Madzi ndi a Water Board, nanga amatuluka nthawi zonse? Nkhani ya mita yogawana musaibise, imadziwika tsiku loyamba lomwe. Nenaninso miyezi yolipiriratu, chifukwa lendi ya K350,000 ikafunika ya miyezi 3 ndiye kuti munthu akonze K1,050,000 asanalowe. Ngati ndinu mwini wake lembani "no agent", anthu ambiri amafufuza mawu amenewa pothawa ndalama ya ejenti. Mawu ngati "executive" ndi "beautiful" palibe amawafufuza, m'malo mwake lembani matailosi, siling'i, geti lolowa galimoto.

Wogulitsa puloti aike kukula kwake m'mamita, monga 20 x 30, ndi mapepala amene ali nawo, kaya ndi lizi kaya kalata ya amfumu chabe. Nyumba ikatengedwa, fufutani uthengawo kapena lembani "taken" pamwamba pake.