Musanayatse mulu wa masamba m'chisanu, onani ngati mulibe chisoni

Abale amene mumagwira ntchito m'magadeni a mu Johannesburg, Juni ndi Julayi ndi miyezi yosesa masamba ndi kutembenuza manyowa. Pansi pa milu imeneyi ndi pomwe pamabisala chisoni, kanyama kaminga kaja ena amati kanungu. Mukachipeza chili zii, chozizira ngati mwala, musafulumire kunena kuti chafa.

Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku kumagwa chisanu. Tizilombo ndi nyongolotsi zimene chisoni chimadya zimasowa. Nyama yaing'ono imataya kutentha msanga, ndiye ikati izifunda usiku wonse imatha mafuta a m'thupi. Choncho thupi limachepetsa ntchito zake: mtima umagunda pang'onopang'ono, kupuma kumatalikirana, kutentha kwa thupi kumatsika mpaka kuyandikira kwa malo pamene nyamayo yagona.

Kugonaku kuli pawiri. Kwina n'kwa maola ochepa, kosafika tsiku lathunthu, kumene akatswiri amati topa ya tsiku ndi tsiku. Mileme ya kudenga imatero masana, madzulo n'kudzitenthetsa kukasaka. Nyama zotere zimadalirabe kudya pafupipafupi. Kwina ndi haibaneshoni: nyama imayamba yanenepa, thupi limazizira kwambiri, ndipo imagona masiku angapo motsatizana, kudzuka pang'ono, n'kugonanso, mpaka nyengo itatha. Chisoni cha kuno chimachita zonse ziwiri. Kukazizira kwambiri chimatha masiku anayi osadzuka. Amene munakumbako mbewa kumudzi mukukumbukira kapuku, wonona koma waulesi kuthawa m'chisanu. N'chimodzimodzi.

Chimene chimadya mafuta ambiri ndi kudzuka. Kuti thupi lozizira lifundenso, nyama imawotcha mafuta ake ndi kunjenjemera. Mukachidzutsa kawirikawiri, mafuta amatha tizilombo tisanabwerere ndi mvula ya mu Okutobala, ndipo chimafa ndi njala.

Tinene kuti mwafukula mulu kuseri kwa galaja, mwapeza chisoni chitadzipinda. Chikhudzeni pang'ono ndi gulovu. Chamoyo chimakhala chodzikunga zolimba ndipo minga imadzuka, ngakhale mochedwa. Kupuma musakudalire, chifukwa kumatha kuima kwa mphindi zingapo. Chakufa chimakhala chotambasuka, chimanunkha, ndipo ntchentche zimafika. Ngati chili moyo, bwezerani masamba ouma pamwamba pake, musathirire pamenepo, ndipo agalu asafikepo. Musachiyike pa hita, musachipatsenso mkaka, chifukwa umachitsegula m'mimba.

Koma chimene chagona poyera masana, chowonda, chosatha kudzipinda, chikudwala. Chiyikeni m'katoni ndi thawulo, mupite nacho kwa dokotala wa ziweto. Kuchisunga pakhomo popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la ku Gauteng.

Mulu woti uwotchedwe muyambe mwausamutsa ndi manja kapena leki, osati foloko yobaya, ndipo muyatse tsiku lomwelo.