Mzere pa madontho ndi tanthauzo la R²

"Ndili kuno ku Harare, ndimagulitsa mafirizi ku Mbare. Ndalemba mu Excel kutentha kwa tsiku ndi mafirizi ogulidwa, madontho atuluka pa tchati. Mzere ndiuyika bwanji, nanga R² ikutanthauza chiyani?"

Achimwene, dinani dontho limodzi ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Add Trendline. Pa bokosi lotseguka sankhani Linear, kenako mutsike pansi muchonge Display Equation on chart ndi Display R-squared value on chart. Onetsetsani kuti kutentha kuli m'munsi pa x, mafirizi m'mbali pa y.

Tiyerekeze kuti kwatuluka izi:

```
y = 6x - 90
R² = 0.72
```

6 uja akunena kuti kutentha kukakwera digiri imodzi, mumagulitsa mafirizi ena pafupifupi 6. Tsiku la madigiri 30 muyembekezere 90.

R² imayenda pakati pa 0 ndi 1. Ya 0.72 ikutanthauza kuti pa kusinthasintha kwa malonda anu, magawo 72 pa 100 akulongosoledwa ndi mzerewu. Otsala 28 ndi zina, monga tsiku la malipiro kapena magetsi atazima mafirizi n'kusungunuka. Sikuti mzere ukulondola ka 72 pa 100 ayi, ambiri amaphonya pamenepa.

Chonde yang'anani madonthowo ndi maso musanakhulupirire nambala. Akapindika ngati uta, mzere woongoka sukuyenera ngakhale R² ikhale yaikulu. Ndiponso ngati munalemba mu Okutobala mokha, musaugwiritse ntchito pa kuzizira kwa Juni: pa madigiri 10 ukupatsani -30.