Momwe mungawerengere mapu a metiro ya ku Lisboa popanda kusochera

Ophunzira ndi achibale ambiri ochokera ku Angonia, ku Tsangano, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete amene amapita ku Portugal amatsikira pabwalo la ndege la ku Lisboa, ndipo njira yotsika mtengo yolowera mumzinda kuchokera pamenepo ndi metiro, sitima zamagetsi zimene mbali yaikulu zimayenda pansi pa nthaka. Kuno ku Mozambique tilibe sitima zoterezi, choncho munthu akaona koyamba mapu ake, okhala ndi mizere yamitundumitundu yopingasana, amaganiza kuti ayenera kuloweza mzinda wonse. Kunena zoona, pa ulendo uliwonse mumangofunika kudziwa mtundu wa mzere umene mukwere, siteshoni imene musinthire, ndi dzina la siteshoni yomaliza ya mbali imene mukulowera. Mwa zimenezi, dzina la siteshoni yomaliza ndilo limasocheretsa alendo ambiri, ndipo ndi pamene nditi ndikhalitsepo.

Yambani ndi mitundu ya mizere

Metiro ya ku Lisboa inatsegulidwa mu 1959 ndipo ili ndi mizere inayi yokha. Mzere wofiira, Linha Vermelha, umachokera pa Aeroporto kukathera pa São Sebastião. Wachikasu, Linha Amarela, uli pakati pa Rato ndi Odivelas. Wobiriwira, Linha Verde, uli pakati pa Cais do Sodré ndi Telheiras, ndipo wabuluu, Linha Azul, umene ndi wautali kuposa yonse, uli pakati pa Santa Apolónia ndi Reboleira. Mzere uliwonse uli ndi njanji yakeyake, ndiye kuti sitima ya mzere wofiira siidzapatukira pa wachikasu ngakhale kuti pamapu mizereyo ikudutsana. Kwa amene maso awo amavutika kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, mzere uliwonse uli ndi kachithunzi kake, monga mpendadzuwa pa wachikasu ndi ngalawa pa wobiriwira.

Mukaima kutsogolo kwa mapu, pezani poyamba siteshoni imene mulipo, kenako imene mukupita, ndipo muone mtundu wa mzere umene iliyonse yakhalapo. Ngati zonse zili pa mtundu umodzi, simusintha sitima. Ngati zili pa mitundu yosiyana, yendetsani chala pa mzere wanu mpaka pamene wakumana ndi winawo.

Posinthira sitima

Masiteshoni osinthirapo alipo asanu ndi limodzi, ndipo pamapu amaoneka pamene mizere iwiri yagundana. Wofiira umakumana ndi wobiriwira pa Alameda, ndi wachikasu pa Saldanha, ndiponso ndi wabuluu pa São Sebastião. Wachikasu umakumana ndi wabuluu pa Marquês de Pombal ndi wobiriwira pa Campo Grande, pamene wabuluu ndi wobiriwira amakumana pa Baixa-Chiado. Mukaonetsetsa, mupeza kuti mzere uliwonse umakumana ndi ina itatu yonse, kotero palibe ulendo umene umakukakamizani kusintha kawiri. Ngati njira imene mwasankha ikufuna kusintha kawiri, yang'ananinso mapu, chifukwa kawirikawiri ilipo ina yosavuta, makamaka kwa munthu amene wanyamula sutikesi yolemera.

Tiyeni titenge ulendo weniweni wa wophunzira amene watsika ndege ndipo akupita ku Cidade Universitária, kumene kuli masukulu ambiri a yunivesite ya Lisboa. Siteshoni ya Aeroporto ili pa mzere wofiira, pamene Cidade Universitária ili pa wachikasu, ndiye posinthira pake ndi pa Saldanha. Gawo loyamba silivuta, popeza Aeroporto ndi pothera mzere ndipo sitima iliyonse yonyamuka pamenepo imalowera ku São Sebastião. Imadutsa Encarnação, Moscavide, Oriente ndi ena, ndipo Saldanha ndi siteshoni yachikhumi, yotsatira Alameda. Mukamva mawu a m'sitima akutchula Alameda, yambani kusendeza katundu wanu kufupi ndi chitseko. Mawu omwewo amanenanso za “correspondência” sitima ikamayandikira posinthira, ndipo amatchula mzere umene mungaupeze pamenepo.

Mukatsika pa Saldanha musatsate chikwangwani cholembedwa Saída, chifukwa chimenecho chimakutulutsani kunja kwa zipata, ndipo mukhoza kulipiranso kuti mulowe. Tsatani zikwangwani zachikasu, zimene zimakutsogolerani m'makonde a mkati momwemo.

Kupeza mbali yolowera

Apa ndiye pofunika kudekha. Mukafika pa mzere wachikasu mupeza mivi iwiri, wina wolozera ku Rato ndi wina ku Odivelas, ndipo dzina la Cidade Universitária silikhala pa chikwangwani chachikulu chilichonse mwa ziwirizi. Metiro siilemba kuti kumpoto kapena kumwera, ndiponso siilemba kuti kutauni. Imatchula mbali ndi dzina la siteshoni yothera mzere, ngakhale kuti okwera ambiri sakafikako. Zimenezi timazidziwa kale pa chapa zathu: munthu wochokera ku Tete wokatsikira pa Mussacama amakwera imene akuitanira Zobwe kapena Ulongwe, ngakhale kuti iye atsikira panjira. Kusiyana kwake n'kwakuti pansi pa nthaka palibe mnyamata woitanira amene mungamufunse, ndipo palibe phiri kapena dzuwa lokuuzani kumene mwayang'ana.

Njira yake ndi iyi. Ikani chala pa Saldanha, chiyendetseni pa mzere wachikasu kulowera ku Cidade Universitária, ndipo mukafikapo musachichotse, koma chipitirire mpaka mzere utatha. Dzina limene chala chaimapo ndilo mbali yanu. Pa ulendo uno chala chimadutsa Campo Pequeno, Entre Campos, Cidade Universitária, Campo Grande, n'kupitirira mpaka Odivelas, ndiye mutsate muvi wa Odivelas. Anthu a kumeneko amati “sentido Odivelas”, ndipo mukafuna kufunsa munthu, kufunsa ndi mawu amenewa kumabweretsa yankho lachangu kuposa kufotokoza ulendo wonse.

Ine pa Saldanha pomwepo ndi pamene zinandisokonekera. Ndinali nditadziwa mtundu wa mzere ndi posinthira, koma dzina lothera sindinalione, ndipo nditamva sitima ikubwera ndinatsatira gulu la anthu n'kukwera yolowera ku Rato. Chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti sitima za mbali zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi, makoma a siteshoni ndi omwewo, ndipo phokoso la sitima limakupatsani phuma. Palibe chifukwa chothamangira, popeza masana sitima ina imafika pakangopita mphindi zochepa. Ndi bwino kuti ikusiyeni muli chiimire kuwerenga chikwangwani.

Chimene ndimalangiza aliyense n'chakuti musanatsike masitepe, sungani m'mutu maina awiri: lothera mzere, ndi la siteshoni yoyamba imene muyenera kuiona mukanyamuka. Kuchokera pa Saldanha kulowera ku Odivelas, yoyamba ndi Campo Pequeno. Ngati sitima yaima n'kuona Picoas, dziwani kuti mwalowera ku Rato. Tsikani pomwepo, musatuluke pazipata, kwerani masitepe n'kuolokera tsidya lina potsata muvi wa Odivelas. Mwataya mphindi zochepa chabe ndipo simulipiranso. Amene sasunga dzina lachiwirili amadzazindikira atafika kothera mzere, sitima yonse itatsika.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokonezanso pa nkhani ya maina othera. Choyamba, zimachitika kuti sitima ina siifika kumapeto a mzere, monga yachikasu yolembedwa Campo Grande m'malo mwa Odivelas. Werengani dzina lowala kutsogolo kwa sitima kapena pa chikwangwani chamagetsi cha pokwerera, n'kuona ngati siteshoni yanu ili pakati pa pamene muli ndi dzinalo. Wopita ku Cidade Universitária akhoza kuikwera chifukwa amatsika isanafike pa Campo Grande, koma wopita ku Lumiar adikire ina. Chachiwiri ndi mapu akale. Mzere wofiira unkathera pa Oriente mpaka 2012, pamene unafikitsidwa pa Aeroporto, ndipo wabuluu unkathera pa Amadora Este mpaka 2016. Mapu amene wachibale anasunga m'buku zaka zapitazo, kapena chithunzi chimene wina wakutumizirani pafoni osadziwa kuti ndi cha liti, chikhoza kukupatsani dzina limene simulipeza pa chikwangwani. Komanso ntchito yolumikiza Rato ndi Cais do Sodré ikadzatha, kayendedwe ka mzere wachikasu ndi wobiriwira kadzasintha, choncho khulupirirani mapu opachikidwa pa siteshoni tsiku limene mukuyenda.

Za khadi ndi njira zachidule

Khadi lapepala lolowera limagulidwa pa makina a pa siteshoni pamtengo wa theka la yuro, ndipo ulendo umodzi ndi pafupifupi mayuro awiri, kaya musintha sitima kapena ayi. Khadilo musalitaye kapena kulipinda, chifukwa mumaligwiritsanso ntchito potuluka, ndipo mukhoza kumathiramo ndalama za maulendo ena. Aliyense akhale ndi lake. Munthu wosavala yunifomu akakuyandikirani pa makina n'kunena kuti akugulitsani khadi lotchipa, kapena akufuna kukuthandizani kudina mabatani muli ndi chikwama potseguka, kanani mwaulemu, chifukwa simungadziwe ngati m'khadimo muli kanthu mpaka chipata chitakana kutseguka. Makinawo amalemba m'Chipwitikizi, chimene ife tinachiphunzira kusukulu, ndiye thandizo lotere silikufunika.

Kumbukiraninso kuti mapuwa sanajambulidwe motsata kutalika kwenikweni kwa mtunda. Rossio ili pa mzere wobiriwira ndipo Restauradores ili pa wabuluu, moti pamapu zimaoneka ngati muyenera kukasinthira pa Baixa-Chiado, koma pamtunda ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi. Kumbali ina, kadontho kamodzi ka pamapu kakhoza kubisa mtunda: pa Alameda pali khonde lalitali pakati pa mzere wofiira ndi wobiriwira, ndipo okalamba kapena onyamula katundu aziyembekezera zimenezo.

Zotsalazo n'zachidule. Kuchokera pa Saldanha werengani masiteshoni atatu, tsikani pa Cidade Universitária, tsatani Saída, ndipo gunditsani khadi pachipata. Pobwerera ku bwalo la ndege, maina onse amatembenuka: mukwera yachikasu yolowera ku Rato, musintha pa Saldanha, kenako yofiira yolowera ku Aeroporto. Metiro imatsegulidwa 6:30 m'mawa n'kutsekedwa 1 koloko usiku, choncho ngati ndege yanu yobwerera kuno ikunyamuka m'bandakucha, konzeranitu galimoto ina.