Momwe Mungadziwire Kupsa ndi Kuyamba Kuola kwa Phwetekere Pongoyang'ana Chithunzi

Munthu akakutumizirani chithunzi cha phwetekere kuti muone ngati wapsa, simungamufinye kapena kumununkhiza, choncho chimene mwatsala nacho ndi mtundu wa khungu lake ndi mmene khungulo likuonekera. Mtundu umasonyeza pamene kupsa kwafika, koma kuonongeka kumaonekera msanga pa kusalala ndi kunyezimira kwa khungu.

Choyamba, musanayang'ane chipatsocho, onani ngati kuwala kwa pachithunzicho nkodalirika. Babu loyaka mwachikasu limachititsa phwetekere wosapsa bwino kuoneka wofiira, ndipo fulashi imasiya banga loyera lomwe limabisa makwinya. Fufuzani chinthu choyera chimene chili pafupi, monga pepala kapena mbale. Ngati chikuoneka chachikasu, dziwani kuti kufiira kwa phwetekereyo kwakokomezedwa. Chithunzi chabwino ndi chojambulidwa masana pamthunzi, ndipo ngati nkotheka pemphani zithunzi zitatu: chakumutu kumene kuli timasamba, chammbali, ndi chakunsi kumene kunali duwa.

Chachiwiri, yerekezani gawo la khungu limene lasiya kubiriwira. Unduna wa zamalimidwe wa ku Amerika umagawa kupsa kwa phwetekere wofiira m'magawo 6, kuyambira wobiriwira yense mpaka amene khungu lake lafiira kupitirira 90 peresenti. Pakati pake pali amene wangoyamba kusintha, osapitirira 10 peresenti, kenako wa 10 mpaka 30, wa 30 mpaka 60 amene amaoneka wapinki, ndi wa 60 mpaka 90. Kupsa kumayambira kunsi nkumakwera, nchifukwa chake chithunzi chakumutu chokha chingakunamizeni kuti chipatso nchachiwisi pamene chinayamba kale kupsa. Samalaninso ndi phwetekere amene mtundu wake uli ngati wa lalanje. Kutentha kukapitirira madigiri 30, chipatso chimalephera kupanga bwino laikopini, chinthu chimene chimafiiritsa khungu, motero phwetekere amatha kufewa mkati asanafiire kunja.

Chachitatu, ndipo apa mpofunika kudekha, kulitsani chithunzicho muone mmene kuwala kwagwera pakhungu. Phwetekere watsopano amakhala ndi khungu lokungika, ndipo pamene kuwala kwagunda pamaoneka kadontho kowala kokhala ndi malire omveka. Akayamba kutaya madzi, kadonthoko kamabalalika, khungu limazilala, ndipo timakwinya timayamba kuoneka kufupi ndi kumutu, popeza madzi ambiri amatulukira pachipsera pamene panali kamsinde. Timasamba takumutu tikakhala touma ndi topiringizika, chipatsocho chinathyoledwa kalekale, ngakhale chikhale chofiira mokongola.

Mabanga onse sali ofanana. Banga lakuda kapena lofiirira, lolowa mkati, louma ngati chikopa ndiponso lokhala kunsi kwenikweni, limabwera kashiamu akaperewera m'chipatso, makamaka chifukwa chothirira modumphadumpha. Limeneli si matenda opatsirana, ndipo gawo lotsala limadyeka bola pabangapo pasakhale chuku. Banga loyera lokhala ngati pepala mbali imodzi ndi kuwauka ndi dzuwa. Oopsa ndi timawanga tozungulira, tolowa pang'ono mkati ndi tooneka tonyowa pa phwetekere wakupsa, chifukwa kawirikawiri amenewa amakhala matenda a antirakinozi, ndipo amakula mofulumira nkuda pakati pake. Mng'alu wouma m'mbali mwake ndi bala lomwe linapola, koma wonyowa kapena wochita chuku ndi khomo la tizilombo toolesa.

Tiyerekeze kuti pachithunzi pali phwetekere atatu m'mbale yoyera, ndipo mbaleyo ikuonekadi yoyera. Woyamba ndi wapinki pafupifupi theka, wonyezimira, timasamba take tili tobiriwira. Ameneyu ali m'gawo la 30 mpaka 60, ndipo angasungidwe masiku angapo pamalo ozizira bwino, osati m'firiji, popeza kuzizira kwambiri kumaimitsa kupsa. Wachiwiri wafiira yense koma ndi wozilala ndipo ali ndi timakwinya kumutu, choncho aphikidwe tsiku lomwelo. Wachitatu ndiye wokongola kuposa onse, koma mukakulitsa mukupeza kawanga kozungulira kamene kuwala kukupindikira mkati mwake. Ine ndingamuike padera ameneyu asanakhudzane ndi anzake, chifukwa kawangako nkokwanira kusonyeza kuti kuola kwayamba.

Pomaliza, kumbukirani kuti phwetekere amene wangogwa kapena kupanikizidwa sasonyeza bala nthawi yomweyo, ndiponso mbali imene wakhalira sioneka pachithunzi, chonsecho madzi ndi chuku zimayambira pamenepo kawirikawiri. Ngati ali mudengu, pemphani chithunzi cha amene ali pansi atawatembenuza, ndipo muone ngati pansi pa dengupo pali ponyowa.