Kukolola madzi a padenga: yambani ndi pokhala thanki

Ndikamayendera mabanja amene akukolola madzi a mvula, ndimayamba kuyang'ana pansi pa thanki, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, ngati matumba 100 a chimanga atasanjikidwa pamalo amodzi. Pakhomo pena ndinapeza thanki yapulasitiki itakhazikidwa pa milu inayi ya njerwa, pakati pali mphako. Pansi pake panali patafufuma ngati mimba, ndipo madzi ankadontha pamene palowa mpopi. Mwini wake ankadandaula kuti anagula thanki yachabechabe, koma vuto linali pokhala pake.

Sankhani malo olimba, kutali ndi chulu, chimbudzi, dzenje lakale lokwiriridwa ndi mizu ya mitengo. Chotsani dothi lapamwamba, sinjani bwino, mangani khoma lanjerwa lozungulira, mudzazemo miyala ndi dothi losinja, kenako thirani konkire yokhuthala masentimita 10. Sakanizani muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje ndi inayi ya kwale. Pamwamba pakhale posalala, poyezedwa ndi levulo, potambalala kuposa thanki ndi masentimita 15 mbali zonse. Thirirani konkireyo masiku 7 musanaikepo thanki, ndipo sesanipo kaye, chifukwa kamwala kamodzi kotsalira kamaboola pulasitiki pang'onopang'ono. Musanamange, yezani kutalika kwa denga. Pokhala thanki pamafunika kukwera masentimita ngati 40 kuti ndowa ilowe pansi pa mpopi, koma kukamwa kwa thanki kukhalebe m'munsi mwa magata, ngalande zolandira madzi m'mphepete mwa malata. Nyumba zambiri zakumudzi n'zazifupi, choncho nthawi zina ndi bwino kukumba kadzenje koikamo ndowa kusiyana ndi kukweza thanki.

Tsopano titenge nyumba yamalata ya mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi. Timayeza malo amene denga laphimba pansi, osati kutsetsereka kwa malata, ndipo apa ndi masikweya mita 48. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. M'dera lolandira mamilimita 800 pachaka, tikachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu lotayika, dengali lipereka malita oposa 30,000. Thanki ya 5,000 idzasefukira kangapo, ndiye paipi yotulutsa madzi osefukira ikatayire kutali, pa nthochi kapena m'dzenje, isamakokolole dothi pansi pa konkire.

Magata atsetsereke sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera kuthanki. Kokani chingwe musanakhome, ndipo zogwirira zisatalikirane kuposa mita imodzi. Mukamaliza thirani ndowa ya madzi kumtunda. Pamene madzi aima ndi pamene padzaswanire udzudzu.

Chotayira madzi oyamba ndicho chimasiyidwa kawirikawiri, ndipo zimandipweteka chifukwa n'chotchipa kuposa zonse. Miyezi yonse ya chilimwe denga lasonkhanitsa fumbi, phulusa la lupsa, zitosi za mbalame ndi ndowe za abuluzi. Mvula ya chizimalupsa ilekeni itsuke denga, paipi ili yochotsa kuthanki. Pa mvula zotsatira, patulani lita imodzi pa sikweya mita iliyonse, kutanthauza malita 48 pa nyumba yathu ija. Paipi ya mamilimita 110 imasunga malita 8 okha ndi pang'ono pa mita imodzi, choncho kapaipi kamodzi kolendewera pakhoma sikakwanira dengali. Gwiritsani ntchito mgolo wa malita 50 kapena 60 wotsekeka bwino. Pa paipi yochokera ku gata ikani cholumikizira cha mphanda zitatu: mbali yoloza pansi ilowe mumgolo, inayo ipite kuthanki. Madzi akuda amayamba agwera mumgolo, ukadzaza oyera amadutsa. Mpira woyandama woikidwa pakhosi pa mgolo umakwera n'kutseka kuti zonyansa zisabwerere.

Koma mgolo wodzaza kale sugwira ntchito. Mvula ikakata, tsegulani pansi muthirire ndiwo zamasamba. Ena amaboola kabowo kuti madzi azidontha okha, koma kamatsekeka msanga ndi matope, ndiye kayang'aneni sabata iliyonse. Mukaona madzi a muthanki achita mbuu kapena akununkha, yambani mwafufuza pamenepo. Akabiriwira ndi ndere ndiye kuti kuwala kukulowa, tsekani chivindikiro. Polowera ndi potulukira madzi mangani sefa yawaya yotchinga masamba ndi udzudzu. Akumwa muziwiritsabe kapena kuthira klorini.

Thanki yodzaza mu Epulo, banja la anthu asanu likamatunga malita 100 patsiku, itha m'masiku 50. Likamatunga malita 25 okha, akumwa ndi ophikira, ifika masiku 200, mpaka chakumapeto kwa Okutobala. Gwirizanani pakhomo za muyezo umenewu mvula isanathe, ndipo pampopi ikanipo loko.